Mafunso ndi mayankho: kuphunzitsa ophunzira unamwino atsopano kusamala singano ndi zinyalala za m'chipatala

Tsamba lino talembera aphunzitsi a unamwino ndi anamwino a m'mawodi omwe amalandira ophunzira a chaka choyamba kuno ku Mzuzu, kaya achokera ku Yunivesite ya Mzuzu, ku St John's, ku St John of God kapena ku Ekwendeni. Mafunsowa ndi omwe amabwerabwera nyengo yotumiza ophunzira m'mawodi ikayandikira. Ophunzira eni ake awerengenso, palibe chobisika muno.

Tiyambire pati, pa mitundu ya mabini kapena pa singano?

Pa singano. Wophunzira akaponya pepala m'bini yolakwika, chipatala chiwononga mafuta owotchera basi. Akalakwitsa ndi singano yomwe yangotuluka m'mtsempha wa wodwala, zachitika zachitika, sizibwezeka.

Ngozi zambiri sizichitika pobaya penipenipo, chifukwa nthawi imeneyo wophunzira amakhala tcheru, maso onse ali pa singano. Zimachitika singano ikatuluka, pa kanthawi kochepa kaja isanalowe m'bokosi. Mtima wakhala pansi kuti jakisoni walowa, wodwala akufunsa funso, thonje likufunika kupanidwa pabala, ndipo singano ili m'dzanja yopanda kopita. Apa ndi pomwe munthu amaivindikira, kapena kuisiya pabedi, kapena kuyenda nayo wodi yonse kusaka bokosi.

Choncho phunziro loyamba ndi malamulo awiri okha. Loyamba: bokosi la zobaya lifike pomwe pali wodwala singano isanatsegulidwe m'pepala lake, ndipo likhale poti dzanja lifikapo popanda kusuntha phazi. Lachiwiri: wabaya ndiye ataye, yekha, nthawi yomweyo. Asapatsire mnzake, asasiyire oyeretsa, asanene kuti abwera kudzatola. Za mabini zibwere pambuyo, malamulo awiriwa atakhazikika.

Amayankha bwino m'kalasi koma akafika m'wodi amaiwala. Tiwaphunzitse bwanji?

Mayeso olemba amayesa mutu, pomwe singano imagwiridwa ndi dzanja. Dzanjalo liphunzire njira yake m'chipinda choyesereramo luso, asanakumane ndi wodwala weniweni.

Njira yomwe ine ndimaikonda ndi iyi. Wophunzira akonze tirole yekha, ndipo asanayandikire chidole anene mokweza kuti watenga zobaya zingati: singano yokokera mankhwala imodzi, yobayira imodzi, ampulo imodzi. Akamaliza awerengenso mokweza zomwe zalowa m'bokosi. Zitatu zinatuluka, zitatu zalowa. Ku fiyeta amawerenga singano zosokera chomwechi asanatseke bala, ndipo palibe choletsa kuti chizolowezicho chiyambire pa jakisoni wamba.

Akazolowera, msokonezeni dala. Singano ikangotuluka m'chidole, mnzake akuwe ngati wodwala amene wamva kuwawa, wina amuitane dzina kuchokera pakhomo, wina agwedeze mkono wa chidole. Inu musayang'ane nkhope yake, yang'anani dzanja lomwe lili ndi singano. Ngati lapita ku bokosi kaye kenako ndiye wayankha, zikuyenda. Ngati watembenuka singano ili m'mwamba, ayambirenso. Tsiku lina bisani bokosi, tirole yonse ikhale yokonzeka kupatula ilo. Wophunzira amene watsegula sirinji osazindikira kuti bokosi palibe sanakonzeke, ngakhale atabaya mwaluso chotani.

Aphunzirenso kuchenjeza wodwala asanabaye, chifukwa munthu wodzidzimuka amakoka mkono ndipo singano imapita kwina. Kuno odwala ambiri, makamaka achikulire ochokera m'midzi ya ku Mzimba ndi Rumphi, amamva bwino Chitumbuka kusiyana ndi Chichewa. Wophunzira wochokera ku Zomba kapena ku Dedza afunse anzake mawu ochepa ouzira agogo kuti asagwedezeke, ndipo mwana asabayidwe popanda womugwira bwinobwino.

Chifukwa chiyani timaletsa kuvindikira singano? Nanga palibe pomwe zimaloledwa?

Tayesani kuyang'ana manja a munthu amene akuvindikira. Dzanja lina lagwira chivindikiro, lina likukankha singano kulunjika ku zala zomwe zagwira chivindikirocho, ndipo kabowo kake ndi kakang'ono. Kuphonya pang'ono, singano ili m'chala. Nthawi zina imaboola chivindikiro m'mbali n'kutulukira kunja. Magolovesi sathandiza apa. Amapukutako magazi ena pa singano koma saletsa kuboola.

N'chimodzimodzi kupinda singano, kuithyola kapena kuichotsa pa sirinji ndi zala. Sirinji ndi singano yake zilowe m'bokosi pamodzi, singano patsogolo.

Pomwe kuvindikira sikungapeweke, mwachitsanzo mankhwala akokedwera m'chipinda chokonzera ndipo sirinji iyenera kunyamulidwa kupita pabedi, pali njira ya dzanja limodzi. Chivindikiro chigonekedwe pa thebulo kapena m'risiva, singano ilowetsedwe ndi dzanja lomwe lagwira sirinji, kenako sirinji iimitsidwe kuti chivindikiro chitsetserekere pansi. Dzanja linalo likhudze chivindikiro pokhapokha nsonga itabisika, ndipo ligwire kumunsi kwake, osati kunsonga. Pophunzitsa, wophunzira aike dzanja linalo kumbuyo.

Ndikuchenjezeni chinthu chimodzi. Mukaphunzitsa njirayi tsiku loyamba, ophunzira amaitenga ngati chilolezo ndipo amavindikira singano iliyonse. Dikirani mpaka kuponya m'bokosi kutakhala chizolowezi, ndipo munene momveka kuti singano yomwe yalowa kale m'thupi la munthu malo ake ndi m'bokosi.

Za bokosi lenilenilo, ayenera kudziwa zotani?

Bokosi lomwe timaliona kwambiri ndi lakatoni, la malita 5, ndipo limabwera lophwatalala. Wophunzira aliyense alipinde ndi manja ake kamodzi mphunzitsi akuona. Timakutu ta pansi tikapanda kulowa m'malo mwake, bokosi limaoneka labwino lili pa tirole, koma tsiku lonyamula pansi pamatseguka ndipo singano zimagwera pa mapazi a wonyamula. Akapinda alembepo dzina la wodi ndi tsiku loyambira.

M'menemo mumalowa chilichonse choboola kapena kucheka: masirinji ndi singano zake, singano ya mkati mwa kanyula, timalezala ta opareshoni, singano zosokera, tobayira chala poyeza malungo, shuga kapena HIV, maampulo othyoka, ndi kansonga ka chubu cha diripu kamene kamaboola botolo. Kansongaka ophunzira amakaiwala kawirikawiri chifukwa ndi kapulasitiki, koma kamang'amba thumba bwinobwino. Thonje, magolovesi ndi mapepala a masirinji musalowe, zimangodzaza bokosi msanga pomwe mabokosi ndi osowa.

Bokosi litsekedwe zinyalala zikafika pa mzere, pomwe ndi magawo atatu mwa anayi. Malo otsalawo ndi amene amachititsa kuti sirinji igwere pansi yokha. Likadutsa pamenepo sirinji imakakamira pakamwa, munthu amaikankha ndi chala, ndipo pansi pake pali singano ina yoloza m'mwamba. Salikhutchumula kuti zitsike, salikhuthula kuti ligwirenso ntchito, ndipo sapisamo dzanja ngakhale mutagwera cholembera.

Nkhani ya chinyezi ndi yathu ya kuno. Mvula ya ku Mzuzu imatenga miyezi yambiri ndipo ngakhale m'nyengo yozizira mawawa sasowa. Katoni yonyowa imafewa, singano imatulukira m'mbali. Bokosi lisakhale pansi pomwe pamakolopedwa, pansi pa sinki, pa zenera lotseguka, kapena pakhonde podikira kunyamulidwa. Ku wodi ya ana likhale pamwamba poti kadzanja sikafika, chifukwa kwa mwana kabowo kaja ndi koseweretsa.

Mabokosi akatha, wophunzira atani?

Asabaye kaye, akauze sisitala woyang'anira wodi. Kawirikawiri wodi yoyandikana imakhala nalo lina. Ngati atheratu, chigubu cholimba cha pulasitiki chokhala ndi kakamwa kakang'ono ndi chotsekera, chouma mkati, cholembedwa moonekera kuti muli zobaya, chimagwira ntchito kwa kanthawi, ndipo lamulo la magawo atatu mwa anayi ndi lomwelo. Botolo la madzi akumwa ndi lopyapyala, singano imaboola. Katoni ya magolovesi ayi. Chosankha chigubu ndi udindo wa woyang'anira wodi, osati wa wophunzira.

Tiwauze ziwerengero za matenda, kapena zingowaopseza?

Auzeni, chifukwa mantha omwe amabwera nawo ndi olunjika kolakwika. Pafupifupi onse amaopa HIV yokha. Munthu akabayidwa ndi singano yomwe ili ndi magazi a munthu wa HIV, mwayi wotenga kachilomboko ndi pafupifupi 3 mwa 1,000. Pa matenda a chiwindi a mtundu wa C ndi pafupifupi 2 mwa 100. Pa matenda a chiwindi a mtundu wa B, kwa munthu wosalandira katemera, ndi pakati pa 6 ndi 30 mwa 100, malinga ndi kuchuluka kwa kachilombo m'magazi a wodwalayo. Kachilombo ka B ndi kolimbanso: kamatha kukhala ndi moyo m'magazi ouma kwa masiku 7 kapena kuposa, ndiye singano yomwe yagona m'nsalu kuyambira dzana siinganenedwe kuti yazizira.

Ziwerengerozi zimawaphunzitsa zinthu ziwiri. Choyamba, kubayidwa ndi singano si imfa, choncho palibe chifukwa chobisira. Chachiwiri, matenda omwe amafala mosavuta kwambiri mwa atatuwa ndi omwe ali ndi katemera. Amabayidwa katatu: tsiku loyamba, pakatha mwezi umodzi, ndi pa miyezi 6. Malawi anayamba kupereka katemerayu kwa makanda m'chaka cha 2002, wophatikizidwa ndi ena m'jakisoni mmodzi, choncho ophunzira ambiri a masiku ano mwina analandira ali aang'ono. Koma "mwina" sikokwanira. Funsani aliyense asanalowe m'wodi, aonetse buku lake la kuchipatala ngati lilipo, ndipo amene alibe umboni atumizidwe kwa woona za umoyo wa ophunzira kapena wa ogwira ntchito. Achikulire omwe abwerera kusukulu atagwirako ntchito zina musawaiwale, iwo anabadwa katemerayu asanayambe.

Wophunzira wabayidwa usiku. Chichitike n'chiyani, motsatana?

Tiyerekeze chonchi. Nthawi ndi 2 koloko usiku, ku wodi ya abambo. Wophunzira wathandiza namwino kuika kanyula kwa bambo wina wodwala kwambiri. Namwino anasiya singano ya mkati pabedi kuti amate kanyula kaye, kenako waitanidwa kubedi lina. Wophunzira akukonza nsalu, singano yamulowa pa chala chachikulu kudutsa golovesi, magazi akutuluka.

Choyamba, avule golovesi ndi kutsuka bala ndi sopo pa madzi oyenda. Magazi atuluke okha. Asafinye, asayamwe, asathirepo jiki kapena kolorini, chifukwa izi zimapweteka mnofu popanda kuchepetsa ngozi. Akaumitsa amatepo pulasitala. Magazi akadakhala kuti amuthovukira m'maso kapena m'kamwa, akadatsuka ndi madzi ambiri oyera kapena madzi a diripu amchere aja. Singano ija itoledwe ndi fosepu, ilowe m'bokosi, isabayenso wina.

Chachiwiri, auze namwino woyang'anira shifiti nthawi yomweyo. Apa ndi pomwe ambiri amagwa: amati adikira kuche, aphunzitsi abwere. Mankhwala oteteza ku HIV, omwe timawatcha PEP, amagwira bwino akayambidwa m'maola oyambirira, ndipo pakadutsa maola 72 saperekedwanso. Maola 72 ndi malire omaliza, si nthawi yomwe munthu wapatsidwa kuti aganize. Wophunzirayu amasulidwe pantchito ndi kupita kwa dokotala kapena kilinishani amene ali pa ntchito usikuwo. Pofika 3 koloko akhale ataonedwa.

Woonayo adzafuna kudziwa kuti inali singano yanji, inalowa mozama bwanji, ndipo inali ndi magazi ooneka kapena ayi. Pa nkhani yathuyi mayankho onse akuloza ku ngozi yokulirapo: singano ya kanyula ndi ya mphako, inali m'mtsempha, ndipo bala latuluka magazi. Kukalika pang'ono ndi singano yomwe inangokokera mankhwala m'botolo ndi nkhani ina.

Wophunzira ayezedwa HIV pomwepo. Ambiri amadabwa, ena amakhumudwa, ndiye muwafotokozeretu m'kalasi. Kuyezaku sikungaonetse za usikuwo, kukuonetsa mmene analili kale. Akapezeka alibe, ayamba PEP. Akapezeka nako, sapatsidwa PEP koma amalowa m'ndondomeko ya mankhwala a moyo wonse, ndipo zotsatirazo ndi chinsinsi chake, mphunzitsi alibe gawo lozidziwa. Bambo wodwala aja nawonso apemphedwa kuyezedwa HIV ndi matenda a chiwindi ngati mmene alili sizikudziwika, koma wopempha akhale wina, osati wophunzirayo, ndipo ali ndi ufulu wokana. Ngati zotsatira zawo zichedwa, piritsi loyamba lisadikire. Zikabwera kuti alibe kachilombo, dokotala ndiye anganene kuti mankhwala asiyidwe.

Mankhwalawo ndi piritsi limodzi patsiku, lophatikiza tenofoviya, lamivudini ndi dolutegiraviya, kwa mwezi umodzi osadumphitsa. Ena amamva nseru, mutu kapena kusowa tulo masiku oyamba. Akauzidwiratu amapirira, akapanda kuuzidwa amasiya sabata yachiwiri osanena. Anene ngati ali woyembekezera, ngati akumwa mankhwala ena, kapena ngati ali kale ndi matenda a chiwindi a mtundu wa B, chifukwa awiri mwa mankhwalawa amagwiranso pa kachilombo ka B ndipo kuwasiya kungadzutse matendawo. Ngati sanalandire katemera wa B, ayambe msanga ndithu. Agwiritse ntchito kondomu, asapereke magazi, ndipo abwerere kudzayezedwa pa masiku omwe alembedwa, kawirikawiri pa miyezi 3 ndi pa miyezi 6.

Chomaliza ndi kulemba m'buku la ngozi: tsiku, nthawi, wodi, mtundu wa singano, ndi zomwe zimachitika. Kukacha, mphunzitsi afunse funso loyenera. Wophunzirayu sanatsegule singano ija. Funso ndi lakuti bokosi linali kuti pomwe kanyula imaikidwa.

Chifukwa chiyani ophunzira amabisa akabayidwa?

Amaopa kukalipiridwa pamaso pa odwala, amaopa kulephera gawo la m'wodi, amaopa kuyezedwa, ndipo ena amaopa kuti anzawo ku hositelo akaona botolo la mankhwala ayamba kunong'onezana. Zifukwa zonsezi n'zomveka kwa mwana wa zaka 19.

Mbali yaikulu ili m'manja mwathu. Nenani tsiku loyamba, ndipo muchitedi, kuti kunena za ngozi sikuchotsetsa malikisi. Wophunzira akabwera ndi chala chomata, mawu oyamba akhale "Mwatsuka? Zachitika nthawi yanji?" Zakuti analakwitsa pati zidikire mawa, atamwa piritsi. Mukamukalipira mmodzi pagulu, kalasi yonse yaphunzira kubisa.

Aliyense asanayambe m'wodi adziwe kuti masana apita kwa ndani, usiku ndi Loweruka kwa ndani, ndipo alembe m'kabuku kake ka m'thumba. Izi zimasiyana pakati pa Chipatala Chachikulu cha Mzuzu, chipatala cha mishoni ndi chipatala chaching'ono cha kumudzi, ndiye zifunsidwe mwatsopano paliponse pomwe atumizidwa.

Nanga mabini amitundumitundu tiwaphunzitse bwanji?

Bungwe loona za umoyo padziko lonse limati pafupifupi 85 mwa magawo 100 a zinyalala za m'chipatala ndi zinyalala wamba, zofanana ndi za kunyumba. Zoopsa ndi 15 zotsalazo. Koma gozi imodzi ya magazi ikagwera m'bini ya mapepala, bini yonseyo yasanduka yoopsa. Ndi chifukwa chake kusiyanitsa kumachitika pomwe chinyalala chapangidwira, ndi munthu amene wachipanga, osati kukasankhula pambuyo.

M'zipatala zambiri zathu, yakuda ndi ya zinyalala wamba monga mapepala, zokutira masirinji ndi zotsala za chakudya. Yachikasu ndi ya zomwe zakhudza magazi, mafinya kapena madzi ena a m'thupi: thonje, gozi, mabandeji, magolovesi ogwiritsidwa ntchito, machubu. Yofiira ndi ya zoopsa kwambiri ndi ziwalo za thupi. Nsengwa ku leba wodi imanyamulidwa m'ndowa yake yovindikira kupita kudzenje lake. Mankhwala otha nthawi abwerere ku famase, sathiridwa m'sinki. Matumba a mtundu woyenera akasowa, wodi zina zimangolemba pabini, choncho wophunzira awerenge cholembedwacho, asangodalira mtundu.

M'malo mowaloweza mndandanda, apatseni thireyi yomwe yatsala munthu atatsuka bala, yongoyerekeza, yokhala ndi zinthu khumi zosakaniza. Agawe chimodzichimodzi akunena chifukwa. Pa chilichonse afunse mafunso awiri motsatana: chingaboole? Ngati ayi, chakhudza magazi kapena madzi a m'thupi? Mudzaona kuti atsopano amalakwira mbali ya mantha, amaponya chilichonse m'chikasu, mpaka pepala la golovesi. Akazolowera amalakwira mbali inayo.

Thumba nalonso limangidwe likafika magawo atatu mwa anayi, linyamulidwe pakhosi, kutali ndi mwendo, ndipo lisapanikizidwe ndi dzanja kapena phazi. Zinyalala zopatsira matenda zisagone m'wodi. Kotentha siziyenera kupitirira tsiku limodzi zisanawonongedwe, ndipo m'nyengo yozizira masiku awiri.

Magazi akatayikira pansi, kolorini asungunule bwanji?

Mphamvu yofunika ndi 0.5 peresenti, ndipo wophunzira aphunzire kuwerengera yekha chifukwa mabotolo amabwera ndi mphamvu zosiyana. Awerenge pabotolo, agawe nambalayo ndi 0.5, achotsepo 1. Yotsalayo ndi miyeso ya madzi pa muyeso umodzi wa jiki. Jiki ya 3.5 peresenti: 3.5 kugawa ndi 0.5 ndi 7, kuchotsa 1 kutsala 6, ndiye kapu imodzi ya jiki ku makapu 6 a madzi. Ya 5 peresenti ndi kapu imodzi ku makapu 9. Ngati ndi kolorini waufa wa 70 peresenti, ndi magalamu 7 pa lita imodzi, kutanthauza magalamu 70 pa ndowa ya malita 10.

Avale magolovesi okhuthala ndi epuloni, ayang'ane kaye ngati pali galasi losweka ndi kulitola ndi fosepu kapena chowolera, aphimbe magaziwo ndi pepala kapena nsanza yotaya kuti amwerere, awole n'kutaya m'chikasu, kenako athire kolorini pamalopo, adikire mphindi 10, atsuke. Kolorini amatha mphamvu akathiridwa pa magazi ambiri osawolapo kaye. Amathanso mphamvu akagona, makamaka padzuwa, choncho asungunulidwe watsopano tsiku lililonse ndi kulemba tsikulo pandowa. Asasakanizidwe ndi mankhwala ena otsukira, mpweya wake umapweteka m'mapapo.

Pali phindu kupita nawo kong'anjo yowotchera zinyalala?

Lilipo, ndipo ine ndimati ola limodzi kumeneko lisasowe pa ndondomeko ya sabata yoyamba. Wowotcha ndiye akhale mphunzitsi wa tsikulo, ndipo ophunzira amupatse ulemu womwe amapatsa mphunzitsi aliyense. Bambo amenewa amadziwa wodi iliyonse mwa matumba ake.

Aone phulusa. Sirinji imasungunuka koma singano siipsa, imatsala yakuthwa, n'chifukwa chake phulusa limawoledwa ndi fosholo kupita kudzenje lovindikira, wowolayo atavala magambutsi ndi magolovesi okhuthala. Aonenso utsi. Ng'anjo yotentha bwino, kupitirira madigiri 800, imatulutsa utsi wochepa. Utsi wakuda wochuluka ukutanthauza kuti moto ndi wozizira, kawirikawiri chifukwa zinyalala ndi zonyowa kapena zaunjikidwa zambiri nthawi imodzi, ndipo mapulasitiki ena opsa pa moto wotero amatulutsa poizoni wopita kwa anthu okhala pafupi. Thumba la diripu lotayidwa madzi ali momwemo, zotsala za nsima m'thumba lachikasu, zonsezi zimathera pamenepo. Botolo lagalasi lotsekedwa kapena chitini chopopera chikalowa pamoto chimaphulika.

Akabwerako, wophunzira amadziwa kuti singano yoponyedwa m'thumba imakabaya munthu amene ali ndi nkhope ndi ana kunyumba. Oyeretsa, ochapa nsalu ndi onyamula zinyalala amabayidwa ndi singano zomwe sadziwa kuti zinachokera kwa wodwala uti, choncho pa iwo palibe woti n'kuyezedwa kuti mtima ukhale pansi.

Wophunzira waona namwino wamkulu akuvindikira singano kapena kuisiya pabedi. Anene?

Funso lovuta, chifukwa mwana woleredwa bwino sadzudzula wamkulu, ndipo wamkuluyo ndi amene adzasaine buku lake. Musamuuze kuti akalimbane. Mphunzitseni kuchita ndi manja: atenge bokosi, aliyandikize, anene kuti "A Sisitala, bokosi ili pano." Palibe amene angakhumudwe ndi zimenezi, ndipo nthawi zambiri singano imalowa. Akapatsidwa singano yosavindikira pamanja, atambasule risiva m'malo mwa dzanja: "Ikani muno, a Sisitala." Zikamachitika mobwerezabwereza, auze mphunzitsi wake, ndipo nkhaniyo ikambidwe pakati pa akuluakulu, dzina la wophunzira osatchulidwa.

Ifenso tidziyang'ane. Wophunzira amatengera zomwe waona 4 koloko m'mawa wodi itadzaza, osati zomwe zili pa chikwangwani.

Tidziwa bwanji kuti wakonzeka kubaya popanda womuima pambali?

Musadalire tsiku la mayeso lokha, tsiku limenelo aliyense amakhala waukhondo. Muoneni pa jakisoni wachisanu wa m'mawa, atatopa, inu mukuoneka ngati mukulemba zina. Onani ngati bokosi lafika pabedi sirinji isanatsegulidwe, ngati singano yapita m'bokosi asanachite china chilichonse, ndi ngati wayang'ana pabedi ndi m'risiva asanachoke. Akachoka, suzumirani m'bini yakuda ndi yachikasu ya pa tirole yake.

Kenako mufunseni mwadzidzidzi, pakhonde: mutabayidwa pano, Lamlungu usiku, mutani, mupita kwa ndani? Ngati akutchula sopo ndi madzi, woyang'anira shifiti, ndi khomo lenileni lomwe akagogode pa chipatala chimenecho, sainani. Ngati akuyankha kuti adzakuuzani Lolemba, abwerere kuchipinda choyesereramo ndipo asabaye yekha kufikira mutamuonanso.